Sikelo ndi mkodzo zidzakuuzani ngati mwamwa madzi okwanira

Mwezi wa Okutobala ku Chikwawa ndi Nsanje kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, koma anyamata a mpira salephera kupita kubwalo. Munthu akamathamanga padzuwa lotere amatha kutaya lita imodzi kapena awiri a thukuta pa ola limodzi. Thukutalo ndi limene limaziziritsa thupi, koma madzi ake amachokera m'magazi ndi m'minofu. Madzi akachepa, mtima umagunda kwambiri, miyendo imalemera, mutu n'kuyamba kuwawa.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya sikelo. Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 60. Wakwera pasikelo asanayambe masewera, atakodza kale. Patatha ola ndi theka, wavula jezi yonyowayo, wadzipukuta, wakweranso, ndipo sikelo ikuonetsa 58.5. Sikuti mafuta asungunuka ayi. Kilogalamu iliyonse yatsikayo ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Ngati ali mkati mosewera anamwa botolo la theka la lita, ndiye kuti thukuta lonse linakwana malita awiri.

Mphamvu zimayamba kuchepa munthu akataya magawo awiri pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Kwa mnyamata wathuyu malirewo ndi makilogalamu 1.2, ndiye wawapitirira. Ayenera kumwa malita awiri kapena kuposerapo pang'ono m'maola otsatira, pang'onopang'ono, chifukwa madzi ena atuluka ngati mkodzo. Adyenso nsima ndi ndiwo zothira mchere. Mizere yoyera imene imatsala pajezi ikauma ndi mchere umene watuluka m'thupi, ndipo umathandiza kuti madzi akhazikike. Mawa lake amwe theka la lita kukatsala maola awiri kuti ayambe, kenako azimwako pang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse.

Wopanda sikelo ayang'ane mkodzo wa m'mawa. Ukakhala wachikasu chotuwa komanso wochuluka, zili bwino. Ukachepa n'kudera ngati tiyi wopanda mkaka, madzi akuperewera. Dziwani kuti mapiritsi a mavitamini amachititsa mkodzo kukhala wachikasu kwambiri ngakhale munthu atamwa mokwanira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malangizo akuti “ingomwani ambirimbiri”. Madzi opitirira muyeso amachepetsa mchere m'magazi, munthu n'kuyamba nseru, kutupa zala ndi kusokonezeka mutu, mwinanso kufa kumene. Ngati sikelo yakwera pambuyo pa masewera, mwamwa ochuluka kuposa amene mwataya.

Mnzanu akayamba kudzandira kapena kulankhula zosamveka pabwalo, musamukakamize kumwa. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni jezi, muthireni madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo thamangirani naye kuchipatala.