Delta ndi theta: manambala awiri amene mwini masheya sanawazolowere

Mphunzitsi wa ku Nchalo amene anagula masheya a Illovo pa msika wa masheya wa ku Blantyre amadziwa masamu ake bwinobwino. Sheya ikakwera ndi K100, iye wapindula K100 pa sheya iliyonse, ndipo ikatsika wataya zomwezo. Mtengo ukangoima chaka chathunthu, masheya ake ali pomwepo, mwinanso alandirako gawo la phindu la kampani. Kudikira sikumudyera kanthu. Pa malonda a opushoni zinthu ziwirizi zimasintha, ndipo manambala amene amasonyeza kusinthako amatchedwa delta ndi theta.

Msika wathu wa masheya sugulitsa ma opushoni, koma dziko lino linagulapo imodzi, ndipo nkhani yake inali ya chimanga. M'chaka cha 2005 mvula inadula pa nthawi yoipa, anthu oposa 4 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene njala inawakantha kwambiri. Mu Seputembala chaka chimenecho boma linachita mgwirizano ndi Standard Bank ya ku South Africa. Mgwirizanowo unapatsa boma ufulu wogula matani 60,000 a chimanga choyera pa mtengo wokhazikitsidwiratu, potengera mitengo ya pa msika wa SAFEX ku Johannesburg. Ufuluwo unalipiridwa ndi bungwe la Britain la DFID, ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Mitengo ya chimanga itakwera, boma linagwiritsa ntchito ufulu wakewo n'kugula pa mtengo wakale uja.

Opushoni ndi imeneyo: ufulu wogula pa mtengo wogwirizana tsiku lina lisanadutse, popanda wokukakamizani kugula. Zili ngati kupatsa mwini ng'ombe ku Ngabu kandalama kuti akusungireni nkhunzi pa mtengo womwe mwamvana mpaka kumapeto kwa mwezi, mutagwirizananso kuti kandalamako sikabwerera, kaya mugula kaya ayi. Pa sikirini ya ochita malondawa ufulu wogula umalembedwa kuti call, wogulitsa kuti put. Ufuluwo nawonso uli ndi mtengo wake womwe umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo mutha kuugulitsa kwa wina nthawi isanathe.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, chowerengedwa ndi masamu amene amalondawa amagwiritsa ntchito. Pa SAFEX mgwirizano umodzi wa chimanga choyera ndi matani 100. Tinene kuti chimanga chili pa R4,000 pa tani, ndipo inu mwagula call yoti mudzagule pa R4,000 yomweyo m'masiku 90. Ngati msika ukuyembekeza kuti mtengo uzigwedezeka ndi 30 pa 100 iliyonse pa chaka, ufuluwu muulipira pafupifupi R238 pa tani, kutanthauza R23,800 pa mgwirizano wonse.

Delta imayankha funso ili: chimanga chikakwera ndi R1, ufulu wanga ukwera ndi zingati? M'chitsanzo chathu delta ndi 0.53. Chimanga chikakwera ndi R40 lero, opushoni yanu ikwera ndi pafupifupi R21 pa tani, osati R40. Chifukwa chake n'choti msika sunatsimikize kuti kukwerako kukhalitsa mpaka tsiku lomaliza. Mtengo ungathe kubwerera pansi pa R4,000 ufulu wanu n'kusanduka pepala lachabe. Choncho ngakhale mgwirizano ukunena za matani 100, lero mukupindula kapena kuluza ngati munthu amene wasunga matani 53 okha. Umu ndi mmene mwini masheya angaimvere bwino delta. Sheya yeniyeni delta yake ndi 1 nthawi zonse, pamene call imayenda pakati pa 0 ndi 1, ndipo put imakhala pakati pa 0 ndi -1 popeza iyo imakwera mtengo wa katundu ukamatsika.

Chovuta n'chakuti delta siikhala malo amodzi. Chimanga chikafika pa R5,000, palibenso wokayika kuti mudzagwiritsa ntchito ufulu wanu, ndipo delta imayandikira 1. Chikagwera pa R3,200, delta imatsikira kufupi ndi 0, ndipo ngakhale mtengo utakwerako pang'ono tsiku lina, opushoni yanu singagwedezeke n'komwe. Ambiri oyamba kumene amakopeka ndi ma opushoni otchipa kwambiri osaona kuti delta yake ndi 0.05. Kutchipako ndi msika ukukuuzani kuti suyembekeza kuti mtengo ungakafike kumeneko.

Theta ndiye mlendo weniweni kwa munthu wa masheya. Imanena ndalama zomwe opushoni imataya tsiku limodzi likadutsa, zina zonse zitakhala chimodzimodzi, n'chifukwa chake kwa wogula imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera. R238 ija simunagulire chimanga ngakhale njere imodzi. Poti mtengo wa pa msika ndi wa mu mgwirizano ndi wofanana, ndalama yonseyo mwagulira nthawi, masiku 90 oti mtengo ungakwere. Tsiku loyamba theta ili pa -1.3, ndiye kuti mukagona n'kudzuka mwataya R1.30 pa tani, kapena R130 pa mgwirizano wonse.

Ndipo kuthako sikuyenda mofanana. Chimanga chikangokhala pa R4,000, pakatsala masiku 60 opushoni ili pa R194, pakatsala 30 ili pa R137, pakatsala 10 ili pa R79, ndipo apa ikutaya pafupifupi R4 pa tsiku. Mwezi woyamba mwataya R44, mwezi womaliza mutaya R137 yonse. Ine ndimaona kuti aliyense wofuna kugula opushoni ayambe waona manambala anayi amenewa asanaone china chilichonse, chifukwa chizolowezi cha masheya choti ukapirira udzapeza bwino chimamuvulaza kwambiri m'masabata omalizirawo.

Tsopano tiphatikize ziwirizi. Mwezi watha, ndipo munalosera zoona: chimanga chakwera kuchoka pa R4,000 kufika pa R4,060. Mukanakhala ndi chimanga chenicheni m'nkhokwe, mukanapindula R60 pa tani. Koma delta yakupatsani pafupifupi R33 yokha, pamene theta yadya R44. Opushoni yomwe munagula pa R238 tsopano ili pa R227, ndipo pa matani 100 mwaluza R1,100 ngakhale mtengo wapita komwe munkafuna. Kuti mudziwiretu zimenezi, gawani theta ndi delta: 1.3 kugawa ndi 0.53 ndi pafupifupi R2.50. Chimanga chiyenera kukwera ndi ndalama yotere tsiku lililonse kuti mungokhala pomwe munali. Mukasunga mpaka tsiku lomaliza, phindu liyambira pamwamba pa R4,238.

Ndalama yomwe theta ikudya imapita kwa amene anakugulitsani opushoni. Iye amapindula pang'onopang'ono tsiku lililonse la bata, koma mtengo ukalumpha kwambiri ndiye amene amalipira, ndipo zomwe angaluze zilibe malire. Zanu wogula zimathera pa R23,800 ija.

Manambala awiriwa ali ndi polekezera. Amangonena za kusintha kwakung'ono komanso za tsiku limodzi, ndipo mawa amawerengedwanso. Komanso mantha a msika akachepa, mwina mvula itagwa bwino ku Free State, mtengo wa opushoni umatsika ngakhale chimanga chisanasunthe, ndipo delta ndi theta sizisonyeza zimenezo. Kwa munthu wa kuno palinso kusintha kwa kwacha ndi randi, ndi mtengo wonyamulira: mtengo wa pa SAFEX ndi wa chimanga cha ku Randfontein, osati cha pa msika wa Bangula. N'chifukwa chake mgwirizano wa 2005 unakhudzanso kubweretsa chimangacho mpaka m'dziko muno.