Malamulo Amene Adimini Amakhoma Pamwamba pa Gulu la WhatsApp

Uthenga wa malamulo umene adimini amakhoma pamwamba pa gulu la WhatsApp umakhala wa mizere yochepa, ndipo kawirikawiri umalimbana ndi zinthu ziwiri zimene zimapha magulu: mauthenga ongopatsirana ndi malonda. Adimini amaulemba ngati uthenga wina uliwonse, kenaka amaudina kwa kanthawi n'kusankha `Pin`. Foni imamufunsa ngati ukhalepo maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Pamwambapo pamaoneka mawu oyambirira okha, choncho kuyamba ndi malonje aatali n'kungotaya malo.

Pa gulu la makolo a ana a Sitandade 8, uthenga wolembedwa bwino ungakhale wotere: "Malamulo: pano ndi pa nkhani za sukulu basi. Uthenga wochokera kwina uzibwera ndi dzina la mwini wake. Malonda ndi Loweruka lokha, chithunzi chimodzi ndi mtengo. Wophwanya tidzamuchenjeza kamodzi, akabwereza tidzamuchotsa."

Lamulo la mauthenga ochokera kwina ndi limene lili ndi ntchito yaikulu. Kuyambira mu 2018, uthenga wongopatsirana umabwera ndi mawu akuti `Forwarded`, ndipo umene wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri ndi mawu akuti `Forwarded many times`. Chizindikirochi chimangosonyeza kuti wotumizayo si amene analemba. Sichinena ngati nkhaniyo ndi yoona. Tsono kholo likaponya uthenga wa timivi tiwiri woti mayeso aimitsidwa, kapena woti kuli mwayi wa ntchito bola munthu atumize kaye ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, funso la adimini ndi limodzi: walemba ndani? Ngati wotumizayo sangatchule aphunzitsi aakulu kapena ofesi imene yalengeza, adimini amaufufuta kuti uchoke pa mafoni a onse. Azichita msanga, chifukwa pakapita masiku awiri mwayi wofufutawo umatha, komanso ena amakhala ataumwaza kale.

Kuletseratu malonda sikukhalitsa. Pa gulu la makolo sipalephera kukhala mayi wogulitsa zitenje kapena bambo woweta nkhuku, ndipo kuwatsekera pakamwa kumangobala madandaulo. Kuwapatsa tsiku lawo kumathandiza onse, ndipo malire a chithunzi chimodzi amateteza bandulo ya anzawo komanso kuti uthenga wa msonkhano wa makolo usakwiririke pansi pa zithunzi makumi awiri za nsapato. Lamuloli limafa tsiku limene adimini watsatsa katundu wake Lachiwiri.

Uthenga wokhomedwa uli ndi malire ake. Nthawi imene anasankha ija ikatha umachoka wokha, ndipo munthu amene walowa m'gulu uthengawo utatumizidwa kale nthawi zambiri sauona. N'chifukwa chake adimini wosamala amalembanso malamulo omwewo pa `Group description`, pamene sachoka, ndipo amawatumizanso n'kuwakhoma mwezi uliwonse.