Pamene pamatsamwira katundu: masamu a njanji ndi mapaipi

M'chaka cha 1955, anthu awiri a ku bungwe la kafukufuku la RAND ku California, m'dziko la Amereka, analemba lipoti lachinsinsi. Mmodzi anali katswiri wa masamu, Ted Harris, ndipo mnzake anali mkulu wa asilikali wopuma pantchito, F. S. Ross. Anatenga njanji za chigawo cha kumadzulo cha Soviet Union ndi za maiko a kum'mawa kwa Ulaya, n'kuzijambula ngati ukonde wa mfundo 44 zolumikizidwa ndi mizere 105. Pa mzere uliwonse analembapo matani a katundu amene njanjiyo ingathe kunyamula. Atawerengetsa anapeza kuti ukonde wonsewo ungathe kufikitsa matani 163,000 kumene katundu ankapita. Anapezanso gulu la njanji limene, mutalidula, palibe sitima imene ingadutse, ndipo matani a njanji za m'gululo pamodzi anali 163,000 yemweyo.

Lipotilo linali la asilikali a nkhondo ya mumlengalenga, ndipo chidwi chawo chinali pa kudulako: angaphulitse pati kuti katundu asiye kuyenda? Linakhala lobisika mpaka 1999. Koma funso la masamu limene linatulukamo silinachedwe kuyankhidwa. Mu 1956 anzawo a pa RAND pomwepo, Lester Ford ndi Delbert Fulkerson, anasindikiza umboni wakuti manambala awiriwa sanafanane mwangozi. Chaka chomwecho Peter Elias, Amiel Feinstein ndi Claude Shannon anapezanso zomwezo paokha. Pa ukonde uliwonse wotere, katundu wochuluka kwambiri amene angadutse amafanana ndendende ndi mlingo wa malo opanikizika kwambiri odulirapo ukondewo. Chifukwa chake chimaoneka bwino pa ukonde waung'ono woti munthu angaujambule ndi chala pamchenga.

Tiyerekeze kuti paphiri pali thanki ya madzi, ndipo m'munsi muli mudzi. Pakati pali mphambano ziwiri za mapaipi, ina pafupi ndi sukulu, ina pafupi ndi msika. Mapaipi alipo asanu, ndipo iliyonse ili ndi mlingo wake, kutanthauza malita amene ingadutsitse pa sekondi imodzi. Yochoka ku thanki kupita ku sukulu mlingo wake ndi 7, ndipo yochoka ku thanki kupita ku msika ndi 4. Kuchoka pa sukulu pali paipi yopyapyala ya malita 2 yolunjika kumudzi, ndi ina ya malita 3 yotsikira ku msika. Yomaliza ndi chipaipi chachikulu cha malita 9 chochoka pa msika kukafika kumudzi. Malamulo ndi awiri okha. Paipi singanyamule madzi oposa mlingo wake, ndipo pamphambano madzi onse olowa ayenera kutuluka: sasungidwapo, satayikapo.

Munthu woima pa thanki angawerenge 7 ndi 4, n'kunena kuti mudzi ulandira malita 11. Woima kumudzi angawerenge 2 ndi 9, nayenso n'kupeza 11. Onsewa alakwitsa. Madzi okafika pa sukulu ali ndi potulukira pawiri pokha, pa 2 ndi pa 3, choncho paipi ya malita 7 ija ingagwire ntchito ya malita 5 basi. Pa msika pafika malita 3 ochokera ku sukulu ndi 4 ochokera ku thanki, onse pamodzi 7, ndipo chipaipi cha 9 chiwanyamula mosavuta. Kumudzi kwafika 2 ndi 7, omwe ndi malita 9.

Koma tidziwa bwanji kuti wina wochenjera kuposa ife sangapeze njira yofikitsira malita 10?

Apa ndi pamene kudula kumalowera. Lembani mzere wogawa ukondewo pawiri, thanki ikhale mbali ino, mudzi ukhale tsidya, ndipo mphambano iliyonse muiike mbali imene mwakonda. Kenako phatikizani milingo ya mapaipi onse owoloka mzerewo kuchoka mbali ya thanki kupita mbali ya mudzi. Dontho lililonse lofika kumudzi liyenera kuwoloka mzerewo penapake, choncho madzi ofika sangapose nambala imene mwapezayo. Zimenezi n'zoona pa mzere uliwonse umene mungalembe.

Pa ukonde wathu mizere yotere ilipo inayi. Thanki ikakhala yokha mbali ino, tipeza 11. Mudzi ukakhala wokha tsidya, tipezanso 11. Thanki ndi msika zikakhala mbali ino, owoloka ndi paipi ya 7 ndi ya 9, zomwe zikupanga 16. Paipi ya malita 3 apa sitikuiwerenga, chifukwa ikuchokera tsidya kubwera mbali ino, ndipo ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa. Mzere wachinayi ukuika thanki ndi sukulu mbali ino. Owoloka ndi paipi ya 4, ya 3 ndi ya 2, zonse pamodzi 9. Malita 9 tawafikitsa kale, ndipo mzere uwu ukuti oposa 9 sangadutse. Nkhani yathera pomwepo, ndipo palibe chifukwa choyesera njira zina.

Zoti madzi sangapose mzere wodula n'zosadabwitsa kwenikweni. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zonse pamapezeka mzere umene madzi amaufika ndendende, osatsala ngakhale dontho. Kuti timvetse zimenezi tione kaye mmene munthu angasocherere.

Tisinthe manambala, mapaipi onse asanu akhale a malita 3. Wogawa madzi wayamba ndi njira yokhotakhota: thanki, sukulu, msika, mudzi. Watumiza malita 3, ndipo mapaipi atatu adzaza. Atsala opanda kanthu ndi awiri, yochoka ku thanki kupita ku msika ndi yochoka ku sukulu kupita kumudzi. Akatsegula yoyambayo madzi afika pa msika n'kupeza paipi ya kumudzi yodzaza. Yachiwiriyo ilibe poipatsira madzi. Zikuoneka ngati zathera pa 3, chonsecho mzere wochepetsetsa pa ukonde uwu ndi wa 6.

Nzeru ya Ford ndi Fulkerson inali yolola wofufuza njira kuyenda chobwerera m'paipi imene muli kale madzi. Sikuti madzi akwera phiri ayi. Kubwererako kukutanthauza kusintha maganizo: kuchepetsa madzi amene tinalowetsa m'paipiyo poyamba. Tsono njira yatsopano ikuchoka ku thanki kufika pa msika, kubwerera ku sukulu, kenako kumudzi. M'zochitika zenizeni, malita 3 atsopano afika pa msika n'kutenga malo a aja ankachokera ku sukulu, ndipo a ku sukulu aja, poti amasulidwa, alowa m'paipi yolunjika kumudzi. Paipi yapakati yauma, koma kumudzi kwafika malita 6.

Umboni wonse wagona pa kuyenda kumeneku. Pitirizani kufunafuna njira zoterezi, kupita patsogolo m'paipi imene ili ndi malo, kubwerera m'paipi imene muli madzi, ndipo mukapeza yofika kumudzi onjezani madzi. Ikafika nthawi yoti njira yasowa, tengani choko. Yambirani pa thanki, muike chizindikiro pa mphambano iliyonse imene mungathe kuifikabe mwa mayendedwe awiri aja. Mudzi sulandira chizindikiro, popeza njira yasowa. Ndiye kuti malo okhala ndi choko ali mbali ino, opanda choko ali tsidya, ndipo mzere wodula wadzilemba wokha. Paipi iliyonse yowoloka kupita tsidya ndi yodzaza, chifukwa ikanakhala ndi malo mukanadutsamo n'kukaika choko kumapeto kwake. Paipi iliyonse yochokera tsidya kubwera mbali ino ndi youma, chifukwa mukanakhala madzi mukanabwereramo n'kukaikanso choko. Choncho madzi owoloka ndi ofanana ndi mlingo wonse wa mzerewo, ndipo palibe obwerera oti tichotsere. Madziwo afika pamene sangapitirire, ndipo mzerewo ndiye wochepetsetsa, pakuti mzere wocheperapo sukanawalola kudutsa.

Yesani pa ukonde woyamba uja malita 9 akuyenda. Kuchoka pa thanki, paipi ya 7 ili ndi malo a malita 2, ndiye sukulu ilandira choko. Paipi ya 4 ndi yodzaza, ndipo awiri ochoka pa sukulu ndi odzazanso. Choko chathera pa thanki ndi sukulu, womwe ndi mzere wa 9 tinaupeza uja.

Kwa amene wagwira ndalama zokonzera, mzerewu ndi umene umamuuza pogulira paipi. Kukulitsa chipaipi cha 9, kapena cha 7, n'kutaya ndalama: kumudzi sikuonjezeka kanthu. Koma mzerewu ulinso ndi msampha wake. Mukasintha paipi ya malita 2 n'kuikapo ya 6, mzere uja ukwera kufika pa 13, koma madzi sakwera ndi malita 4 monga mumayembekezera. Aima pa 11, chifukwa tsopano wochepetsetsa ndi mzere wa pakamwa pa thanki. Kupanikizika kwangosamuka, ndipo masamu ayenera kuwerengedwanso.

Njira yofufuzayi imafika pamapeto ngati milingo ili manambala athunthu, poti ulendo uliwonse umaonjeza lita imodzi kapena kuposa, ndipo madzi ali ndi malire. Kungoti ingathe kuchedwa mochititsa manyazi. Mapaipi anayi akunja atakhala a malita 1,000, yapakati ya lita imodzi, wosankha njira zodutsa pakati nthawi zonse, kupita ndi kubwerera, angayende maulendo 2,000 pa ntchito ya maulendo awiri. Yefim Dinitz mu 1970, komanso Jack Edmonds ndi Richard Karp mu 1972, anasonyeza kuti kusankha njira yodutsa mapaipi ochepa kwambiri nthawi iliyonse kumathetsa vutoli, ndipo kuchuluka kwa maulendo sikudaliranso kukula kwa milingo.

Wokonza mapaipi enieni angatitsutse pa zingapo, ndipo sangalakwe. Madzi enieni amatsata mphamvu yowakankha, sagawika monga walamulira wolemba papepala, ndipo paipi yodontha imaphwanya lamulo lakuti olowa ndiwo otuluka. Nambala ya mzere wodula imakhalabe denga lake, koma kufika padengapo kumafuna mavavu ndi mapampu. N'chifukwa chake masamuwa amakwanira bwino pa sitima, malole ndi mauthenga a pa netiweki, zimene munthu angaziuze kolowera. Ngakhale kumeneko pali malire ena. Tanena za katundu wa mtundu umodzi, amene thumba lina lingalowe m'malo mwa linzake, ndipo kubwerera kuja kunatheka chifukwa madzi a pa msika analowa m'malo mwa a ku sukulu popanda wodandaula. Feteleza wopita kumpoto akamalimbirana njanji ndi fodya wopita kudoko, wina sangaimire mnzake. Zikatero mizere yonse yodula ingaoneke kuti ili ndi malo okwanira, koma katunduyo n'kulephera kudutsa yense.