Ofusayidi amamveka bwino poyenda

Mwana wazaka 11 akamwetsa chigoli, woyimbira n'kuchikana, kawirikawiri vuto limakhala limodzi: mwanayo amaona pomwe walandirira mpira, pomwe Lamulo 11 la bungwe la IFAB limaona pomwe iye anali panthawi imene mnzake amamenya mpirawo. Mphunzitsi wodziwa ntchito amayambira pamenepa.

Choyamba ndi chojambula, ndipo kamtengo ndi dothi n'zokwanira. Mphunzitsi amajambula theka la bwalo, n'kuika miyala iwiri kuimira goloboyi ndi wotseka kumbuyo, zitsekerero ziwiri za mabotolo kuimira wopatsira ndi wolandira, ndi njere ya chimanga kuimira mpira. Kenako amalemba mzere wopingasa bwalo podutsa pa mwala wachiwiri kuchokera kugolo. Wolandira ali pa ofusayidi ngati ali m'chigawo cha adani, wapitirira mzerewo, komanso ali patsogolo pa mpira. Akalingana ndi mdani wachiwiriyo palibe mlandu, ndipo zakhala choncho kuyambira 1990. Poyeza amaona mutu, thupi ndi mapazi, manja ayi.

Akatero, onse amalowa m'bwalo, koma kuthamanga n'koletsedwa. Ana anayi amaima monga inaimira miyala ndi zitsekerero zija, wachisanu amaima m'mbali atanyamula nsalu ngati mbendera. Wolandira amayenda kulowera kugolo. Phazi la wopatsira likangokhudza mpira, mphunzitsi amaliza wezulo, aliyense n'kuima chilili. Ana awiri amakoka chingwe kupingasa bwalo podutsa pa wotseka kumbuyo, ndipo wanyamula nsalu uja ndi amene amagamula. Ngati wolandira anali phazi limodzi kumbuyo kwa chingwe, amamulola kupitiriza ulendo n'kukalandira mpira mamita 5 kuseri kwa wotsekayo. Apa ana amadzionera okha kuti kulandirira mpira kutsogolo si kulakwa.

Pali msampha wina wofunika kuuyendera pawokha. Ana ambiri amaloweza kuti mzere uli pa wotseka kumbuyo womaliza, chifukwa goloboyi samachoka pagolo kawirikawiri. Mphunzitsi amamutulutsa goloboyi mamita 10, n'kusiya wotseka mmodzi pamzere wa golo. Tsopano wachiwiri kuchokera kugolo ndi goloboyi, choncho chingwe chimasamukira pa iye. Mwana amene wakokera chingwe kwa wotseka uja ndiye kuti sanamvetse, ndipo amabwerera ku miyala.

Zotsala amaphunzira tsiku lina: palibe ofusayidi polandira mpira wa kona, wa golokiki kapena woponya ndi manja, ndiponso kungoima pamalopo si mlandu ngati wosewerayo sanakhudze mpira kapena kusokoneza mdani. Liwiro amalionjezera ana akayamba kugamula molondola kangapo motsatizana, kuyambira kuthamanga pang'onopang'ono mpaka masewero a anayi mbali iliyonse, wonyamula nsalu akusinthana ndi anzake.