Loboti ya malonda sidziwa kuwerenga kalendala

Lachitatu pa 2 Febuluwale 2022, msika wa masheya wa Nasdaq ku New York unatseka sheya imodzi ya kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, ili pa madola 323. Msika utangotseka, kampaniyo inalengeza momwe malonda ake anayendera m'miyezi itatu yapitayo, ndipo nkhani yake sinakomere eni ndalama. Kutacha, msika unatsegula sheya yomweyo ili cha m'ma 245. Pofika madzulo inali itagwa ndi 26 peresenti.

Tiyerekeze munthu amene anali ndi loboti, pulogalamu ya pakompyuta yomwe imagula ndi kugulitsa yokha potsata malamulo amene mwini wake anaipatsa. Tinene kuti masana a tsikulo lobotiyo inagula masheya 100 pa madola 320 iliyonse, n'kuika malire akuti mtengo ukatsika kufika pa 310 igulitse. Malire amenewa pasikirini amalembedwa kuti Stop Loss. Mumtima mwake mwini loboti akuti zikavuta zedi aluza madola 1,000 basi.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Stop Loss silonjeza mtengo. Imangonena kuti mtengo ukafika kapena kupyola malire aja, masheyawo agulitsidwe pa mtengo woyamba umene ungapezeke. Kawirikawiri malire oterewa sagwiranso ntchito msika ukatseka. Ndiye m'mawa mwake mtengo sunatsike pang'onopang'ono kudutsa pa 310 ayi, unangodumpha ngati munthu wolumpha ngalande, ndipo wogula woyamba anapezeka cha m'ma 245. Munthu wathu uja waluza madola 75 pa sheya iliyonse, onse pamodzi 7,500. Loboti sinalakwitse chilichonse. Inachita zimene inauzidwa, kungoti palibe anaiuza kuti usiku umenewo kubwera zotsatira za kampani.

N'chifukwa chake ochita malondawa mosamala amaimitsa maloboti awo nthawi ya zilengezo zikuluzikulu ikayandikira. Makampani a pamsika wa ku America amalengeza zotsatira zawo kanayi pachaka, ena m'mawa msika usanatsegule 9:30, ena madzulo utatseka 4 koloko. Lamulo lake n'losavuta kunena. Ngati chilengezo chili cha madzulo, loboti ikhale itagulitsa kapena kuchepetsa masheya a kampaniyo msika wa tsikulo usanatseke. Ngati chili cha m'mawa, ntchito imeneyi ichitike dzulo lake. Msampha uli pa tsiku lenilenilo: makalendala ambiri a pa intaneti amayamba alemba tsiku longoyerekeza, kampani isanatsimikize. Tsiku lodalirika ndi limene kampaniyo yalengeza yokha.

Kwa amene amagula ndi kugulitsa ndalama zakunja, malonda amene achinyamata amangoti foreksi, choopsa chachikulu ndi mabanki aakulu a mayiko. Komiti ya banki yaikulu ya America, Federal Reserve, imakumana kasanu ndi katatu pachaka kukambirana za chiwongoladzanja, ndipo masiku ake amadziwika kale chaka chisanayambe. Chigamulo chimatuluka 2 koloko masana nthawi ya ku New York, kenako 2:30 wapampando amayankha mafunso a atolankhani. Masekondi ochepa chigamulo chisanatuluke, mabanki ndi makampani amene nthawi zonse amakhala okonzeka kugula kapena kugulitsa amabweza manja, poopa kugwidwa ndi mtengo wolakwika. Msika umapepuka. Mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, womwe pa yuro ndi dola umakhala wochepetsetsa, umakula mwadzidzidzi, ndipo mpata wokhawo ukhoza kukhudza Stop Loss mtengo weniweni usanayende n'komwe. Nthawi zambiri mtengo umathamangira mbali imodzi chigamulo chikatuluka, n'kubwerera wapampando akayamba kulankhula. Loboti yotsata kumene mtengo ukulowera imagula pamwamba, kenako n'kugulitsa pansi, kuluza kawiri mu ola limodzi.

Choncho kuimitsa kwa mphindi zisanu sikukwanira. Njira yabwino ndi kutseka chitseko mphindi 30 chigamulo chisanatuluke, n'kudikira mpaka msonkhano wa atolankhani utatha. Ndipo musanayatsenso loboti, wotchi yokha isakuuzeni. Yang'anani ngati mpata wa mitengo uja wabwerera pamene umakhala masiku onse.

Pa wotchi pomwepo pali kamsampha kena kamene kamagwira anthu a kuno kwathu. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa sasintha nthawi, koma America imasuntha mawotchi ake Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi Lamulungu loyamba la Novembala. Kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, 2 koloko ya ku New York ndi 8 koloko usiku ku Lilongwe. Miyezi yotsalayo ndi 9 koloko. Amene analemba mu loboti yake kuti iziima 7:30 mpaka 8:45 usiku n'kuiwala, mu Disembala lobotiyo idzapuma pa nthawi yabata, n'kudzuka kutatsala mphindi 15 kuti chimphepo chiyambe. Onjezani kuti wotchi imene imaoneka pa pulogalamu ya malonda ndi ya kampani yomwe munatsegulako akaunti, ndipo kawirikawiri siigwirizana ndi ya pakhoma panu.

Nanga kuimitsa kwenikweni n'kutani? Pa MetaTrader 5 pali batani lolembedwa Algo Trading, pa MetaTrader 4 ndi AutoTrading. Mukalizimitsa, loboti imaleka kutumiza malamulo. Koma malonda amene inatsegula kale amakhalabe otsegula, ndipo maoda amene inasiya akudikira mtengo wina wake akadali komweko, okonzeka kugwira mtengowo ukangodumpha. Choipa kwambiri n'chakuti maloboti ena sapereka Stop Loss ku kampani, amangoisunga m'mutu mwawo. Mukazimitsa yotereyi, malonda anu atsala opanda mlonda pa ola loopsa kuposa onse. Ndondomeko yake ndi iyi: yambani mwaletsa malonda atsopano, fufutani maoda odikira, tsekani kapena chepetsani zotsegula, ndipo pomaliza penipeni zimitsani. Kenako yang'anani ndi maso anu kuti mndandanda wa malonda ulidi mbee.

Kuima kuli ndi mtengo wake, tisanamizane. Pa 2 Febuluwale 2023 sheya ya Meta yomwe ija inakwera ndi 23 peresenti tsiku limodzi zotsatira zitakoma, ndipo amene anatuluka dzulo lake sanalaweko. Ine ndimaona kuti kutaya mwayi wotere n'koyenera. Loboti wamba imaphunzira kuchokera ku mitengo yakale, ndipo mitengo yakale siinena zimene zili mu lipoti lomwe silinatuluke. Kuisiya mumsika usiku umenewo ndi juga chabe.

Kalendala nayo ili ndi polekezera. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire amene inaika mu Sepitembala 2011, oti yuro imodzi isatsike kupyola mafuranki 1.20. Silinali tsiku la msonkhano wodziwika. M'mphindi zochepa yuro inagwa ndi pafupifupi 30 peresenti, kampani ya Alpari UK inagwa, ndipo makasitomala a FXCM anatsala ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni, kutanthauza kuti analuza zoposa zimene anaika. Tsiku ngati limenelo palibe batani lokupulumutsani. Chimene chinasiyanitsa otsala ndi ogwa ndi kukula kwa malonda amene anatsegula poyerekeza ndi ndalama zawo zenizeni. Musanayatse loboti yanu sabata ino, werengerani kuti mtengo utadumpha ndi 25 peresenti usiku umodzi mungatsale ndi zingati, ndipo ngati yankho lake ndi ngongole, chepetsani malondawo lero.