Mzere wa Nyerere M'khitchini: Musaufafanize Musanauwerenge

Madzulo khitchini inali mbee, mbale zotsuka, pansi posesa. M'mawa mukupeza mzere wakuda wochokera pazenera, kutsika ndi khoma, kukwera mwendo wa thebulo mpaka m'chitini cha shuga. Ambirife timathamangira tsache, madzi otentha kapena mankhwala opopera, ndipo pakangopita mphindi zochepa zonse zafa. Mawa lake zabweranso. Chifukwa chake n'chakuti zimene taphazo ndi zantchito zotumidwa kukafuna chakudya, ndipo ndi gawo laling'ono chabe la banja lonse. Mfumukazi yoikira mazira, mphutsi ndi unyinji wa zantchito zatsala kuchisa osakhudzidwa. Choipa kwambiri n'chakuti tafafaniza chinthu chokhacho chimene chikanatilondolera kumene zikuchokera.

Nyerere sizibwera mwadzidzidzi monga timaganizira. Tsiku lililonse m'khitchini mumadutsa imodziimodzi, yoyenda mokhotakhota ngati yosochera, ndipo palibe amene amailabadira. Imeneyo ndi kazitape. Ikapeza dontho la tiyi wa shuga kapena mutu wa usipa kuseri kwa mbaula, imadya n'kubwerera kwawo, ndipo pobwerera imagunditsa kumapeto kwa mimba yake pansi, kusiya fungo limene asayansi amalitcha feromoni. Ife sitilimva, koma zinzake zimalimva ndi tinyanga tawo. Zikatsata fungolo n'kupezadi chakudya, nazonso pobwerera zimawonjezera lawo. Khumi zimaitana zana, zana liitana chikwi, ndipo zonsezi zingachitike inu muli mtulo. Chakudya chikatha, zobwerera chimanjamanja sizisiyanso fungo, lakale limauluka, njira n'kufa yokha. Mukafuna umboni, pukutani ndi chala pakati pa mzere pamalo osalala. Zofika pamenepo zimaima, kuzungulirazungulira, mpaka ina italumikizanso njirayo.

Nanga bwanji sabata ino osati yatha, pomwe shuga wakhala pamalo omwewo chaka chonse? Yankho nthawi zambiri lili panja, osati m'khitchini. Katswiri wa nyerere Deborah Gordon wa ku yunivesite ya Stanford ku Amereka, pamodzi ndi anzake, anatsatira makomo ambiri a ku California n'kufalitsa zimene anapeza mu 2001: nyerere zinkalowa m'nyumba makamaka nyengo yozizira ndi yamvula, kenako nyengo yotentha ndi youma. Mtundu wa nyerere zawo ndi wina, koma aliyense wokhala kuno azindikira zomwezo. Mu Okutobala, dothi litauma gwa, nyerere zimafuna madzi kuposa shuga, ndipo mumazipeza pasinki, pansi pa mtsuko, pampopi wodontha, ngakhale m'ketulo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, madzi amalowa m'zisa zapansi ndipo banja lonse limasamukira pouma: pansi pa simenti ya khonde, m'mphako za njerwa, kuseri kwa kabati. Choncho mayi amene khitchini yake yagwidwa ndi nyerere asamanenedwe kuti ndi wauve. Ukhondo umachepetsa chozikopa, koma suletsa mvula.

Musanayambe kulondola, yang'anitsitsani kuti alendowo ndi ati. Ngati ndi linthumbu, zofiirira zija zoyenda mumzere wokhuthala, zokhala ndi asilikali oluma mpaka mutu kutsalira pakhungu, nkhani ndi ina. Linthumbu silifuna shuga wanu, likusaka mphemvu ndi tizilombo tina, ndipo silikhazikika malo amodzi nthawi yaitali. Chotsani khanda, nkhuku ndi ziweto zili m'khola, tsirani phulusa pakhomo monga amachitira makolo, ndipo kawirikawiri limadutsa lokha. Ngati mukuona tinjira tomatidwa ndi dothi pakhoma kapena pamatabwa, chimenecho ndi chiswe. Zovutitsa m'khitchini ndi zing'onozing'ono, ndipo mitundu iwiri ndi yofunika kuidziwa. Woyamba ndi wa nyerere zofiirira zimene mumzere mwawo mumapezeka zingapo zamitu ikuluikulu kuposa zinzawo. Zimenezi zimakonda zamafuta ndi zankhuli, zimamanga m'dothi, ndipo zimatulutsa timilu ta dothi losalala m'ming'alu ya simenti. Wachiwiri ndi wa tinyerere tachikasu, totalika mamilimita awiri okha, totchedwa nyerere za Farao. Timeneti timamanga m'nyumba momwemo, pamalo ofunda: m'khoma, m'soketi ya magetsi, ngakhale pakati pa mapepala akale.

Yang'ananinso chimene zanyamula. Zikakhala zasenza tinthu toyera tonga mpunga wosweka, tonse tofanana, musaganize kuti zakuberani ufa. Amenewo ndi ana awo, ndipo mukuona msamuko. Kumene zikupita nawo ndi kumene kuli chisa chatsopano, ndiye ntchito yanu yafupika.

Tsono titenge nyumba wamba ya njerwa zootcha, ya simenti pansi, sinki ili pansi pa zenera, kuseri kuli mtengo wa mango. Nyerere zapezeka m'kabati ya zakudya. Chotsani zakudyazo, koma mzere musaukhudze. Tengani kapepala kolimba, mbali ina muike dontho la madzi a shuga, mbali ina kachiponde kapena usipa wofinya, n'kukaika pafupi ndi mzerewo. Pakapita theka la ola kapena ola mudzaona mbali imene zaunjikana, ndipo zimenezo muzikumbukire chifukwa zidzakuthandizani posankha nyambo. Mzere nawo udzakhala utakhuthala, wosavuta kuuona.

Vuto loyamba ndi kudziwa kumene kuli kwawo, poti nyerere zikuyenda mbali zonse ziwiri. Gwadani muyang'ane bwino. Zamwa madzi a shuga mimba zawo zimafufuma, pena mpaka kuwala mukaziunika ndi tochi, ndipo zimenezo zikupita kwawo. Ngati maso akukuvutani, nyenyani pang'ono chigumu kapena buledi pamzerepo: nyenyeswa zoyera zoyenda pasimenti yakuda zimaoneka ngakhale mutaima. Palinso chizindikiro china chimene ofufuza a ku yunivesite ya Sheffield ku Britain anachifotokoza mu 2004 pa nyerere za Farao. Njira zawo zimagawikana ngati mphanda ya legeni: nthambi ziwiri zimaloza kotalikira chisa, chogwirira chimaloza kuchisa. Mukafika pamphambano yotere, tsatani chogwiriracho.

Nyerere sizikonda kudutsa pabwalo. Zimatsata m'mphepete: pomwe khoma lakumana ndi pansi, m'munsi mwa kabati, pawaya wa magetsi, papaipi ya madzi. Yendani nazo pang'onopang'ono, mukulemba ndi choko pambali pa njira, osati pamwamba pake, chifukwa mzere wa choko wodutsa panjira umazisokoneza. Musapumire pafupi kwambiri kapena kugogoda, zimabalalika. Mzere ukazimiririka masana dzuwa likuswa mtengo, musataye mtima. Bwererani madzulo ndi tochi, poti mitundu yambiri imayenda kwambiri kukazizira.

M'nyumba yathuyi, mzere watsika kabati, watsata khoma, walowa pansi pa sinki, n'kuthera m'kamng'alu pamene paipi yotaya madzi yaboola khoma. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amati chisa achipeza, amathira mankhwala m'bowomo n'kumata. Komatu khomo si nyumba. Tulukani panja, pezani pamene paipiyo yatulukira, ikanipo kanyambo kena, dikirani. Mukaona mzere ukupitirira kutsika m'munsi mwa maziko, chisa chili panja. Mukadikira madzulo awiri osaona kanthu kunjako pomwe mkati zikuyendabe, chili m'khoma kapena pansi pa simenti.

Tinene kuti wapitirira. Wadutsa m'ngalande ya madzi a sinki, walowa pansi pa mulu wa njerwa zotsala pomanga, ndipo mzere wina ukuchoka pomwepo kukwera mango. Wokwera mtengowo usakunamizeni. Kumtunda kuli nsabwe za zomera ndi kodikodi, zimene zimatulutsa timadzi totsekemera, ndipo nyerere zimapita kukakama timadzito. Zotsika mumtengo ndi zimene zili zokhuta, ndipo nazonso zikulowera pansi pa njerwa. Mizere iwiri yokhuta ikakumana malo amodzi, mwafika. Tukulani njerwa imodzi. Chisa chenicheni chimadziwika ndi dothi lofukulidwa losalala, kadzala ka mitembo ya nyerere ndi zotsalira za tizilombo pambali, ndiponso chipwirikiti cha zantchito zothawitsa ana oyera aja. Popanda ana, mwangopeza pobisalira.

Chisa chapanja chotere, ngati chili kutali ndi mizu ya mbewu zanu, mungachithire madzi owira ambiri, kubwerezanso patapita masiku, n'kuchotsa njerwazo. Koma musayembekezere zodabwitsa. Nyerere zamitu ikuluikulu zimakhala ndi mafumukazi ambiri ndi zisa zolumikizana, kotero chimene mwapezacho chingakhale chimodzi mwa zingapo. Za Farao ndiye zoopsa kuzipopera: banja likasokonezeka limagawikana, gulu lililonse kutenga ana ndi kukayamba kwina, ndipo amene anali ndi chisa chimodzi m'khitchini amapezeka ali nazo kubafa ndi kuchipinda.

Pa chisa chosafikika, njira ija imene simunaifafanize ndi imene ikugwirireni ntchito. Nyerere yokhuta ikafika kwawo imabzikula chakudya n'kugawira zinzake, mphutsi ndi mfumukazi. Nyambo yabwino ndi yopha mochedwa, kuti wonyamulayo akafike. Ngati mungapeze ufa wa asidi wa boriki kufamase, sungunulani theka la supuni ya tiyi m'kapu imodzi ya madzi otentha pamodzi ndi masupuni a tiyi 9 a shuga. Nyowetsani thonje, liikeni m'kabotolo kotseka koboola timabowo, n'kukaika pafupi ndi polowera paja, kumene mwana, galu kapena nkhuku sizingafike, chifukwa ndi poizoni. Ngati pakapepala paja zinasankha chiponde, sakanizani pang'ono pokha ufawo m'chiponde. Chiyeso chachikulu ndi kuwonjezera mankhwala kuti zife msanga. Mukaona mitembo yambiri pafupi ndi nyambo, mwachulutsa, ndipo kuchisa sikukufika kanthu. Masiku oyamba nyerere zimachuluka panyambopo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Zisiyeni, muzisintha thonje likauma, ndipo musapopere chilichonse pafupi. Zimatenga milungu ingapo, chifukwa ana amene anali m'chisa amapitiriza kukhwima ndi kutuluka.

Mzere ukatheratu, pamenepo ndiye tsukani njira yonse ndi madzi a sopo kapena viniga kuti fungo lichoke, matani mng'alu wa papaipi ndi simenti, konzani mpopi wodontha, ndipo dulani nthambi ya mango imene yagunda denga.