Apilo ya Masiku Otsiriza: Pepala Lifike Kaye ku Khoti

Munthu akagonja pa mlandu wa ngongole, wa malo kapena wa chipukutamisozi ku Bwalo Lalikulu, sathamangira kuwerenga kalendala. Sabata yoyamba imathera kudandaula, yachiwiri kufunsa nzeru kwa achibale, zotsatirazo kusakasaka ndalama ya loya. Pomwe akuti “ndikukachita apilo”, masiku amakhala atatsala owerengeka. Komatu khoti silimva zoti munthu anali ndi maganizo ochita apilo. Limaona pepala ndi deti ya pa chidindo.

Lamulo loyendetsa Bwalo Lalikulu la Apilo, lomwe ambiri amangoti Suprimu, mu gawo 23 limapereka nthawi ziwiri. Ngati chigamulo ndi chotseka mlandu wonse, muli ndi masabata asanu ndi limodzi, omwe ndi masiku 42. Ngati ndi lamulo lapakati, loperekedwa mlandu ukadali m'kati monga chiletso chongoyembekezera, masiku ndi 14 okha, ndipo ambiri mwa malamulo otere amafuna mupemphe kaye chilolezo chochitira apilo. Makhoti ena ali ndi nthawi zawozawo: wochokera ku khoti la anthu apantchito kupita ku Bwalo Lalikulu amapatsidwa masiku 30.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa zipangizo zomangira ku Lilongwe. Kampani ina inamusumira kuti inamupatsa simenti pa ngongole, iye n'kumakana kuti katunduyo sanafike. Lachiwiri pa 6 Meyi jaji wagamula kuti mayiyu alipire K20 miliyoni ndi chiwongoladzanja. Kuwerenga kumayambira mawa lake, ndipo Loweruka ndi Lamulungu za m'katimo zimawerengedwa. Tsiku la 42 ndi Lachiwiri pa 17 Juni. Mayi uja wafika kwa loya Lachisanu pa 13 Juni masana, ali ndi fayilo yothothoka m'chikwama. Masiku ogwira ntchito amene atsala ndi awiri.

Loya wodziwa ntchito sayamba ndi kufunsa mbiri yonse ya simentiyo. Amafunsa deti imene chigamulo chinaperekedwa, osati imene mayiyu anachilandira m'manja, chifukwa masiku sadikira kuti munthu akatenge kope lake. Kenako amafuna chigamulo cholembedwacho, poti zifukwa za apilo zimachokera m'mawu a jaji.

Chimene chiyenera kulembedwa pofika Lolemba ndi chikalata chimodzi, chidziwitso cha apilo, pa fomu yotchedwa Civil Form 1. Chimakaperekedwa ku ofesi ya rejisitala wa Bwalo Lalikulu, khoti lomwe linagamula mlanduwo, osati ku Suprimu. Apa ena amaphonya, n'kutaya tsiku akuyenda njira yolakwika. M'chikalatamo munene ngati mukutsutsa chigamulo chonse kapena mbali yake chabe, zifukwa zanu, chimene mukufuna khoti la apilo lichite, ndi mayina ndi makeyala a onse okhudzidwa. Mulipire ndalama ya kukhoti, musunge lisiti, ndipo musachoke pa kauntala popanda kope lanu lodindidwa. Mbali inayo nayo iyenera kupatsidwa lake.

Pa zifukwa ndi pamene changu chimapweteketsa anthu. Mayi wathu akufuna palembedwe kuti jaji anakondera, kuti kampaniyo ndi ya anthu abodza, kuti iye wavutika zaka zambiri. Ululu wakewo ndi weniweni, koma zimenezi si zifukwa za apilo. Malamulo a Suprimu amafuna zifukwa zazifupi, chilichonse pachokha ndi nambala yake, popanda kufotokoza nkhani kapena kukangana. Mukanena kuti jaji analakwitsa pa lamulo, mutchule cholakwikacho ndi mmene chinalakwikira. Kungoti “jaji analakwitsa pogamula mokomera kampani” n'kopanda mutu, ndipo khoti lili ndi mphamvu yofufuta chifukwa chotere, kaya mbali inayo yapempha kaya ayi.

Tinene kuti loya, powerenga chigamulo, wapeza zinthu ziwiri. Jaji analemba kuti mayiyu walephera kutsimikiza kuti simenti sinafike, pomwe mwa lamulo wosuma ndiye amasenza udindo wotsimikiza zimene akunena. Komanso anapereka chiwongoladzanja chimene kampaniyo sinapemphe m'zikalata zake za mlandu. Chifukwa choyamba chingalembedwe motere: jaji analakwitsa pa lamulo posenzetsa wosumiridwa udindo wotsimikiza kuti katundu sanaperekedwe, pamene udindo wotsimikiza kuti anaperekedwa unali wa wosuma. Chachiwiri: jaji analakwitsa pa lamulo popereka chiwongoladzanja chomwe sichinapemphedwe. Chachitatu ndi chokhacho chimene malamulo amalola kuti chikhale chachisawawa, choti chigamulo chikutsutsana ndi kulemera kwa umboni. Chimenechi muchiikepo, koma musachidalire kwambiri, chifukwa majaji a apilo sanaone mboni zikulankhula ndipo safulumira kutsutsa mnzawo amene anaziona ndi maso.

Zifukwa zitatu zakuthwa n'zokwanira. Kuchulukitsa sikuthandiza, ndipo Amalawi tinazionera pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Bungwe loyendetsa zisankho linapita ku Suprimu ndi zifukwa zoposa 100, ndipo pa 8 Meyi 2020 khotilo, pokana apiloyo, linadzudzula kwambiri kalembedwe ka zifukwazo. Ngati zinatero pa mlandu wokhala ndi maloya ambirimbiri, wolemba usiku wa Lamulungu asamale koposa.

Nanga chifukwa china chikadzaoneka pambuyo pake, zolembedwa zonse za mlandu zitatuluka? Khoti litha kulola kuti musinthe kapena kuwonjezera zifukwa mukapempha, ndipo popanda chilolezocho simungalankhule pa mfundo imene simunailembe. N'chifukwa chake ine ndimati chikalata chachifupi cholondola, chodindidwa pa 16 Juni, chimaposa chachitali chokongola chofika pa 18. Kuwonjezera chifukwa pa apilo yamoyo n'kopepuka kusiyana ndi kupempha kuti akutsegulireni chitseko chimene chatsekedwa kale. Ndipo ndatchula dala 16 osati 17: tsiku lomaliza magetsi atha kuzima, wodinda atha kutuluka, minibasi itha kufa pa njira.

Tsikulo likadutsa, mpata umakhalapobe koma sukhalanso ufulu wanu. Gawo 23 lomwelo limalola khoti kutalikitsa nthawi ngakhale itatha kale. Mumapempha ndi chikalata cholumbirira chofotokoza zifukwa zomveka ndi zolemera zimene munachedwera, komanso muonetse zifukwa za apilo zosonyeza kuti nkhaniyo ndi yoyenera kumvedwa. Ziwirizi zimayendera limodzi. Wogonekedwa m'chipatala abweretse makalata a dokotala okhala ndi madeti. Wongoti “ndinali kuganizabe” asayembekezere chifundo. Kuchedwa kukatalika, kufotokoza kwake kumavutiranso, choncho wochedwa ndi masiku atatu asadikire kuti akwane mwezi. Amene alibe ndalama ya loya apite msanga ku ofesi ya Legal Aid Bureau, atanyamula chigamulo chake.

Chinanso chimene mayi wathu ayenera kumva asanatuluke mu ofesimo n'choti kuchita apilo sikuimitsa chigamulo. Kampani ija ikhoza kutumizabe masherifu kudzalanda katundu wa m'shopu apilo ili m'kati. Kuti zimenezi zisachitike pamafunika pempho lapadera loimitsa chigamulocho, lomwe limayambira ku Bwalo Lalikulu lomwelo, ndipo akakana m'pamene mumapita nalo ku Suprimu. Khoti litha kuvomera koma n'kuika malire, mwachitsanzo kuti gawo la ndalamazo lisungitsidwe ku khoti. Loya wa mayiyu akanyamuka Lolemba m'mawa, anyamule mapepala onse awiri.